Kukulitsa mzere wa moyo ndi kusintha mitundu ya zizindikiro za pa mapu mu Skyrim: njira iti ikuyenerani?

Tsiku lomwe ndinavomera kuti vuto si kusadziwa kumenya ndinali mkati mwa Bleak Falls Barrow, manda akale omwe aliyense amalowamo kumayambiriro kwa Skyrim. Ma Draugr awiri, akufa oyenda olonda mandawo, anali atandipanikiza pakakhonde kopapatiza, ine maso ali pa lupanga, ndipo munthu wanga anangogwa. Kamzere kofiira kosonyeza moyo kanali katatha kalekale, koma pa laputopu yanga ya mainchesi 14 kamzereko n'kopyapyala ngati kamtengo ka machesi, ndipo kali pansi penipeni pomwe diso silifika nkhondo ikakula. Achimwene anga akulu, omwe amasewera pa Xbox atakhala pa sofa, vuto lawo ndi lina. Iwo akatsegula mapu kumpoto, cha ku Winterhold ndi Dawnstar, zizindikiro zoyera zimasowa pamwamba pa chipale ndi mitambo, mpaka amadzuka kukayang'ana pafupi ndi TV.

Zonsezi zimakonzeka ndi modi, ndiye kuti fayilo yopangidwa ndi osewera anzathu yosintha china chake mu gemu. Pano ndikunena za Skyrim Special Edition, yomwe inatuluka mu 2016, pamodzi ndi Anniversary Edition ya 2021 yomwe ndi gemu yomweyo yowonjezeredwa. Ndi gemu yosewera wekha, choncho palibe amene angakutsekereni akaunti chifukwa chosintha maonekedwe. Mu magemu osewera ndi anthu ena pa intaneti nkhani yake ndi ina, kumeneko yambani mwawerenga malamulo awo.

Chinthu chimodzi chofunika kuchidziwa musanasankhe

Ambiri amaganiza kuti mzere wa moyo ndi zizindikiro ndi nkhani imodzi. Mkati mwa gemu zinthuzi zili m'mafayilo awiri. Mapu aakulu omwe mumatsegula ali ndi fayilo yawo, `map.swf`. Zonse zomwe zimakhala pa sikirini mukuyenda, monga mizere itatu ya moyo, matsenga ndi mphamvu zothamangira, komanso kampasi ya pamwamba ija, zili mu fayilo ina, `hudmenu.swf`. Zonse ziwiri zimakhala mu foda ya `Data\Interface`.

Tsono apa ndi pomwe pagona nkhani. Zizindikiro za malo zimaoneka pawiri, pa mapu ndi pa kampasi. Za pa kampasi zimakhala m'nyumba imodzi ndi mzere wa moyo. Modi yokulitsa mzere imafuna fayilo imeneyo, modi yopaka mitundu nayo imafuna yomweyo, ndipo gemu imawerenga imodzi yokha, yomwe yaikidwa pomaliza. Mavuto ambiri omwe anthu amadandaula nawo, akuti mitundu yabwera koma mzere wabwerera pakale, amachokera pamenepa. Njira iliyonse m'munsimu ndaiyeza poganizira mkangano umenewu.

Zoyezera zanga ndi zinayi. Mtengo, womwe kwenikweni si ndalama chifukwa mamodi onse omwe nditchule ndi aulere, koma nthawi ndi deta. Kupezeka, kutanthauza ngati njirayo imatheka pa makina omwe muli nawo. Kusamalira, ndiye ntchito yomwe ikukudikirani gemu ikalandira apudeti. Ndi chiopsezo, zomwe zingawonongeke komanso mmene mungazindikirire.

Njira yoyamba: osaika modi iliyonse

Mtengo. Palibe, ndi mphindi zisanu zokha.

Kupezeka. Paliponse, ndipo kwa amene ali pa Nintendo Switch ndi njira yokhayo, popeza kumeneko kulibe menyu ya mamodi. Mu `Settings`, pansi pa `Display`, muli `HUD Opacity`. Ikankhireni kumapeto kuti mizere isamaoneke mbuu. Kupatula apo gemu ilibe pokulitsira mzere kapena posinthira mtundu wa chizindikiro. Windows ili ndi `Color filters` yothandiza amene amavutika kusiyanitsa kufiira ndi kubiriwira, ndipo Xbox ndi PlayStation zili ndi galasi lokulitsira mbali ya sikirini, lomwe pa mapu limathandizadi popeza gemu imakhala itaima.

Kusamalira. Palibe.

Chiopsezo. Kutaya nthawi ndi zinthu zosathandiza. Ambiri amatsitsa rezolushoni poganiza kuti mizere ikula monga zimachitikira ndi zilembo za Windows. Mu Skyrim sizitero, chifukwa mizereyo imatambasuka molingana ndi kukula kwa sikirini. Mukatsitsa, mzere umakhalabe waukulu momwemo, kungoti tsopano ukuoneka mwachimbuuzi. Fyuluta ya mitundu nayo imasintha dziko lonse, udzu ndi thambo zomwe, osati zizindikiro zokha. Ndipo galasi lokulitsira silingakuthandizeni pakati pa nkhondo.

Njira yachiwiri: kusintha mafayilo okha, SkyHUD ndi modi ya mitundu

Iyi ndi yomwe ndimaikonda, ndipo ndiima pano kanthawi.

SkyHUD imalowa m'malo mwa fayilo ya zoonekera pa sikirini ija, n'kubweretsa kafayilo ka zolemba komwe mumasinthiramo kukula ndi malo a chinthu chilichonse. Ilibe ma sikiripiti olowa mu sevu yanu ndipo sifuna pulogalamu ina yothandizira. Ya mitundu imabwera payokha. Yodziwika kwambiri ndi Pastel Map Markers, ndipo ilipo ina ingapo yofanana nayo, yomwe imapatsa mizinda, mapanga, malinga ndi migodi mitundu yosiyana.

Mtengo. Akaunti yaulere ya Nexus Mods, tsamba lokoperako mamodi, ikukwana. Amakuchepetserani liwiro lokopera, koma mafayilowa ndi aang'ono kwambiri, moti bando yaing'ono ya deta ikukwanirani. Nthawi yeniyeni imapita poyesa manambala, chifukwa mukasintha nambala mumayenera kutseka gemu n'kuitsegulanso kuti muone zotsatira. Ine zinanditengera madzulo amodzi.

Kupezeka. Pa kompyuta, makamaka gemu ya ku Steam kapena GOG. Mukhoza kuika pamanja, koma ndikulangizani kugwiritsa ntchito Vortex kapena Mod Organizer 2, mapulogalamu oikira mamodi, chifukwa zimakuonetsani poyera modi yomwe yaphimba inzake.

Nayi mmene ndinachitira pa laputopu ija. Nditaika SkyHUD ndinatsegula `Interface\skyhud\skyhud.txt` ndi Notepad, n'kupita pa gawo la kukula:

```
[Scale]
fHealth=1.4
fEnemyHealth=1.4
```

Nambala 1 ndiye kukula kwa masiku onse, choncho 1.4 ndi kuwonjezera 40 peresenti. Lembani ndi dontho, osati koma. Poyamba ndinaika 2 chifukwa cha mtima wofuna zambiri, ndipo mzere unakwera mpaka kukhudza mawu a zokambirana omwe amalembedwa pamwamba pake. Ndinatsika kufika 1.6, kenako 1.4, pomwe ndinakhazikika. Nambala yanu idzasiyana malinga ndi mtunda womwe mumakhala. Mukafuna kusuntha mzere, gawo la `[Position]` limawerenga sikirini ngati ya 1280 m'lifupi ndi 720 m'litali, kaya yanu ndi yaikulu bwanji, choncho pakati ndi 640 nthawi zonse.

Koma chimene chinandithandiza koposa sikukula. Mzere wa moyo wa Skyrim uli ndi makhalidwe awiri ovuta. Choyamba, umazimiririka ukadzaza, ndiye diso silizolowera pomwe umakhala. Chachiwiri, umatha kuchokera mbali zonse ziwiri kulowera pakati, moti ukayang'ana mwachangu n'kovuta kudziwa ngati watsala theka kapena gawo limodzi mwa magawo atatu. SkyHUD imalola kuti mzere uzioneka nthawi zonse, komanso kuti uzitha kuchokera mbali imodzi ngati mafuta m'galimoto. Nditasintha ziwirizi ndinayamba kumwa mankhwala pa nthawi yake. Ndikanadziwa kale, mwina 1.2 ikanandikwanira.

Kenako mitundu. Apa ndi pomwe ndinalakwitsa ndekha. Ndinaika modi ya mitundu pambuyo pake osawerenga tsamba lake, ndipo nditalowa mu gemu kampasi inali yokongola koma mzere unali utabwerera paupyapyala wake. Manambala anga mu `skyhud.txt` anali momwemo, kungoti fayilo yomwe imawawerenga inali itaphimbidwa. Mankhwala ake alipo awiri. Wosavuta ndi kulola SkyHUD kupambana pa fayilo ya `hudmenu`, modi ya mitundu izingogwira mapu aakulu. Mukatero mapu amakhala amitundu, kampasi imakhala yoyera monga kale. Wachiwiri ndi kupeza chigamba chophatikiza ziwirizo, fayilo imodzi yokhala ndi SkyHUD ndi mitundu yomwe, n'kuiika pomaliza. Chigambacho chiyenera kukhala cha veshoni ya SkyHUD yomwe muli nayo. Ine ndinasankha wosavuta uja ndipo sindinadandaulepo, popeza kampasi ili ndi mdima kumbuyo kwake ndipo zoyera zimaonekerapo bwino. Ndi pa mapu pomwe choyera chimagona pa choyera.

Kusamalira. Kochepa kwambiri. Gemu ikalandira apudeti, mafayilowa nthawi zambiri amapitiriza kugwira ntchito chifukwa sadalira nambala ya veshoni. Sungani kope ya `skyhud.txt` yanu pena pake, chifukwa mukaikanso modiyo, kapena mukaika ina yobwera ndi fayilo ya dzina lomwelo, manambala anu amafafanizika.

Chiopsezo. Sevu yanu siikhudzidwa. Mukatopa nayo mumangochotsa, zonse zimabwerera pakale. Zikho za Steam, mphotho zomwe mumapatsidwa mukakwanitsa zinazake mu gemu, sizitsekedwa ngati modi ndi mafayilo a maonekedwe okhaokha, popeza chomwe chimazitseka ndi fayilo ya `.esp` kapena `.esl`, ndiye yang'anani ngati ya mitundu yomwe mwasankha yabwera nayo. Malo awiri ofunika kusamala ndi awa. Ngati muli kale ndi SkyUI, modi yosintha ma menyu a gemu, n'kuika modi ya mitundu yobwera ndi `map.swf` yakeyake, mudzalandira uthenga wa `SKYUI ERROR CODE 5` wonena kuti fayilo ya menyu siyogwirizana. Uthengawo ukhoza kuzimitsidwa, koma kuzimitsa si kukonza, mumataya zabwino za mapu a SkyUI monga kufufuza malo ndi dzina. Tengani veshoni yolembedwa kuti ndi ya SkyUI, yomwe imangosintha zithunzi za zizindikiro. Malo achiwiri ndi `Survival Mode`. Kumeneko kuzizira kumadya gawo la mzere wa moyo, njala imadya mphamvu zothamangira, kutopa kumadya matsenga, ndipo gawo lodyedwalo limaoneka pa mzere. Fayilo yakale yopangidwa izi zisanabwere siionetsa gawolo, ndiye mumaona ngati muli bwino pamene chisanu chakudyani kale. Yesani poima panja ku Windhelm usiku, muone ngati mzere ukusintha.

Malire ake ndi oti mdani amaonetsedwa mmodzi yekha, pa kamzere ka pansi pa kampasi. Mukakulitsa kamzereko kamawerengeka, koma mukazunguliridwa ndi atatu simudziwa amene watsala pang'ono kugwa.

Njira yachitatu: TrueHUD ndi anzake odalira SKSE

TrueHUD imagwira ntchito mwa mtundu wina. Siilanda fayilo ya gemu, imajambula mizere yakeyake pamwamba. Mdani aliyense amakhala ndi mzere pamutu pake, adani aakulu monga zinjoka amapatsidwa mzere wautali wapadera, ndipo wanu mukhoza kuukulitsa, kuusuntha ndi kuusintha mtundu muli mkati mwa gemu. Mukamenyedwa, gawo lomwe lachoka limatsalira kamphindi mu mtundu wina lisanazimiririke, ndiye mumaona kukula kwa chikwapu chomwe mwalandira. Kwa munthu wa maso ofooka kachinthu kameneka n'kamtengo wapatali, chifukwa diso limagwira msanga chinthu choyenda kusiyana ndi chongokhala.

Mtengo. Ndalama ayi, koma siyenda yokha. Imafuna SKSE64, pulogalamu yowonjezera mphamvu za gemu, kenako Address Library for SKSE Plugins, SkyUI ndi MCM Helper. Zinthu zisanu kuti mupeze mzere umodzi. Deta ndi yochepabe, koma wongoyamba apatule tsiku lopuma. TrueHUD sikhudza mapu, choncho ya mitundu mudzaikabe payokha, veshoni ya SkyUI ija. Ubwino wake ndi woti mkangano wa `hudmenu` umatha, modi ya mitundu ikhoza kutenga kampasi yonse popanda kusokoneza mizere yanu.

Kupezeka. Pa kompyuta pokha, ndipo gemu ikhale ya ku Steam kapena GOG. SKSE64 siyenda ndi ya Game Pass kapena ya Epic. Musanakopere chilichonse, dinani kumanja pa `SkyrimSE.exe`, lowani `Properties` kenako `Details`, muwerenge nambala ya veshoni. SKSE64 iliyonse inapangidwira nambala imodzi: ya 2.0.20 ndi ya gemu ya 1.5.97, ya 2.2.6 ndi ya 1.6.1170. Address Library nayo ili ndi fayilo ya 1.5 ndi ina ya 1.6. Kuyambira pamenepo gemu muziitsegula kudzera pa `skse64_loader.exe`. Kuti mutsimikize, tsegulani pomwe amalembera malamulo mu gemu n'kulemba:

```
GetSKSEVersion
```

Ikayankha ndi nambala, zili bwino. Mukaona `SKYUI ERROR CODE 1`, ndiye kuti mwatsegula gemu pakhomo lakale. Zikayenda, pitani ku `Mod Configuration` pa menyu yoimitsira gemu, sankhani TrueHUD, muonetsetse kuti gawo la mizere ya wosewera layatsidwa, ndipo mizere yakale yabisidwa. Mukapanda kutero mudzaona iwiri yosanjikizana.

Kusamalira. Apa ndi pomwe mumalipira. Nambala ya veshoni ikangosintha, SKSE64 imakana kutsegula gemu mpaka yatsopano itatuluka, ndipo mamodi odalira iyo nthawi zina amafunika kukonzedwanso. Zinachitika mu Novembala 2021 pobwera Anniversary Edition, zinachitikanso mu Disembala 2023. Chodzitetezera ndi kulowa mu `Properties` ya gemu pa Steam, pa `Updates`, n'kusankha kuti izilandira apudeti pokhapokha mwaitsegula kuchokera ku Steam, kenako muzidzera pa SKSE nthawi zonse, Steam itayaka kale kumbuyo. Kwa ife ogula deta ya bando izi zimapulumutsanso mthumba. Ngati laputopu mumabwerekana ndi ana kapena achibale, auzeni batani loti asamadine, chifukwa kudina `Play` kamodzi kokha n'kokwanira.

Chiopsezo. SkyUI ndi anzake amalemba zinthu mu sevu, choncho kuzichotsa pakati pa ulendo kumasiya zotsalira. Musanayambe koperani foda ya `Documents\My Games\Skyrim Special Edition\Saves` pa fulashi, kapena ya `Documents\My Games\Skyrim Special Edition GOG\Saves` ngati gemu ndi ya ku GOG. Zikho zimatsekedwa chifukwa pali mafayilo a `.esp`, ngakhale SSE Engine Fixes imazitsegulanso, yomwe ndi modi inanso yoti muziisamala. Mukasakaniza maveshoni, gemu imatseka yokha isanafike pa menyu kapena imatulutsa uthenga wotchula fayilo ya `.dll` yomwe yakanika. Werengani dzinalo, limakuuzani wolakwa. Pali vuto linanso lomwe anthu salinena: mizere ikachuluka imaphimba nkhondo. Pomenya linga lodzaza achifwamba, mizere isanu ndi umodzi yaikulu ikuyandama imasokoneza kuposa kamzere kamodzi. Kulitsani wanu, koma ya adani isiyeni pafupi ndi kukula kwake, ndipo ichepetseni kuti izioneka pa amene akumenyana nanu okha.

Njira yachinayi: menyu ya Creations pa Xbox ndi PlayStation

Mtengo. Akaunti yaulere ya Bethesda.net ndi intaneti pa nthawi yokopera. Mu menyuyi mulinso zinthu zogulitsa, koma zomwe tikufuna pano ndi za ulere.

Kupezeka. Makina awiriwa ndi osiyana kwambiri. Xbox inayamba mu 2016 ndi malo a mamodi okwana 5 GB ndipo imalola mafayilo ochokera kunja kwa gemu, choncho mamodi a mizere ndi a mitundu alipo, ambiri otengedwa ku kompyuta. PlayStation inayamba ndi 1 GB, ndipo lamulo lomwe inayamba nalo mu 2016 ndi loti mamodi wamba asabweretse mafayilo akunja. Mzere wokulitsidwa ndi chizindikiro chopakidwa mtundu ndi mafayilo akunja ndithu. Mamodi owonjezera malo atsopano pa mapu mudzawapeza, koma amenewo amachulukitsa zizindikiro zoyera zomwe zija, vuto n'kukula.

Pa Xbox simungatsegule `skyhud.txt`. Mumasankha pakati pa zokonzedwa kale ndi anthu ena, ndipo zambiri mwa izo zinapangidwa kuti sikirini ioneke yopanda zambiri, mizere yake ndi yaing'ono kuposa ya masiku onse. Yang'anitsitsani zithunzi musanakopere. Kwa achimwene tinayesa zitatu tisanapeze yokhala ndi mizere yonenepa yosazimiririka. Ndinawafunsa kuti, "Achimwene, mukuuona muli pomwepo?" Iwo anayankha osadzuka pa sofa, "Ndikuuona, usaukhudzenso." Kuyesa kwake ndi kumeneko, khalani pomwe mumakhala masiku onse, osati pafupi ndi TV.

Kusamalira. Kochepa, koma ndondomeko ya mamodi ndi yofunika. Mu `Load Order` yomwe ili m'munsi ndiyo imapambana. Ikani ya mitundu pamwamba, ya mizere pansi pake, ndipo ngati pali chigamba chikhale pansi pa zonse. Mukasintha, tsekani gemu yonse n'kuitsegulanso, chifukwa mafayilo a maonekedwe amawerengedwa poyambira.

Chiopsezo. Modi iliyonse, ngakhale ya maonekedwe okha, imatseka zikho, ndipo ma sevu atsopano amakhala ndi chizindikiro chosonyeza kuti ali ndi modi. Akale amakhalabe momwemo, mukhoza kubwererako. Komanso amene anaika modi pa menyuyi akaichotsa, inu n'kufufuta yanu, simudzaipezanso.

Njira yachisanu: kupaka mitundu nokha

Ndikuitchula chifukwa cha gulu limodzi la anthu. Mamodi a mitundu anapangidwa ndi anthu oona mitundu yonse, ndipo amadalira kwambiri kufiira, kubiriwira ndi kofiirira, yomwe ndi mitundu yosokonezeka kwa amene ali ndi vuto losiyanitsa mitundu, vuto lomwe limagwira kwambiri amuna. Mitundu yofewa ya Pastel Map Markers imakongola pa nkhalango za Falkreath, koma pa chipale imatha kusowa ngati yoyera yomwe. Kwa munthu wotere chizindikiro chabwino ndi chachikasu chowala kapena chabuluu wakuda, chokhala ndi mphepete zakuda.

Mtengo. JPEXS Free Flash Decompiler ndi yaulere, imatsegula mafayilo a `.swf` ndipo imafuna Java. Nthawi ndiyo yambiri, popeza mitundu ya malo ilipo yochuluka ndipo uliwonse uli ndi zithunzi ziwiri, cha malo omwe munafikako ndi cha omwe simunafikeko.

Kupezeka. Pa kompyuta pokha.

Kusamalira. Zonse zili pa inu. Modi yomwe munatengako fayilo ikasintha, mumayambiranso.

Chiopsezo. Fayilo ikasungidwa molakwika, mapu amatseguka opanda zizindikiro kapena gemu imaima mukawatsegula. Gwirani ntchito pa kope. Ndipo musapake zonse. Mitundu itatu ndi yokwanira: umodzi wa pogona ndi pogula, wina wa malo a nkhondo, wachitatu wa zotsala. Siyani kusiyana kwa malo ofikidwa ndi osafikidwa kukhale kwa kuwala ndi mdima monga gemu inachitira, chifukwa ndi komwe kumakuuzani komwe mungapite mwachangu. Mukafuna kugawira ena fayilo yanu, pemphani kaye chilolezo kwa mwini modi.

Mwina mwaonapo mamodi osintha maonekedwe onse nthawi imodzi, monga Nordic UI ndi Dear Diary. Ndi okongola, koma anamangidwa pamwamba pa SkyUI ndi SkyHUD zomwezi, ndipo cholinga chawo ndi kukongola, osati kuoneka patali. Amabwera ndi makonzedwe awo omwe amaphimba anu. Mukawafuna, aikeni kaye, manambala anu musinthe pambuyo.

Ndiye nditenge iti?

Ngati muli pa laputopu yaing'ono ndipo vuto lanu ndi kufa osadziwa kuti moyo watha, tengani SkyHUD yokha. Yambani ndi kuupanga mzere wosazimiririka ndi wotha mbali imodzi, musewere ola limodzi, kenako mukulitse ngati pakufunikabe. Mapu akamakuvutaninso onjezani modi ya mitundu, ilekeni igwire mapu okha.

Ngati muli kale ndi SKSE64 ndi SkyUI chifukwa cha mamodi ena, mtengo waukulu wa njira yachitatu munalipira kale, ndiye TrueHUD ndiyo yanu. Ndi yoyeneranso amene maso awo amasinthasintha, tsiku lina akuona bwino lina ayi, chifukwa kukula kumasinthidwa muli mkati mwa gemu, komanso amene amasewera pa `Legendary`, mulingo wovuta kwambiri wa gemu, pomwe kudziwa mdani wotsala pang'ono kumasankha amene atsale wamoyo. Koma ngati simunaikepo modi ndipo kompyuta ndi yobwerekana, musayambire pamenepa.

Wa Xbox alowe mu Creations, asankhe ndi maso ake ali pa mpando wake, akumbukire kuti ya mizere ikhale pansi. Ngati zikho n'zofunika kwa inu, malizani kaye zomwe mukufuna pa sevu yopanda modi. Wa PlayStation ndi wa Switch akweze `HUD Opacity` ndi kusendeza mpando, ndipo pa PlayStation galasi lokulitsira ligwire ntchito pa mapu. Pa Switch, kulumikiza ku TV kumachita zambiri kuposa china chilichonse.

Amene kufiira ndi kubiriwira kumawasokoneza, ngati ali pa kompyuta, atenge TrueHUD chifukwa cha mizere, asinthe wa moyo ukhale woyera kapena wachikasu. Pa mapu ayese kaye modi ya mitundu yomwe ilipo, atsegule mapu, ayang'ane dera la pakati pa Dawnstar ndi Winterhold. Phanga ndi linga zikasiyanitsika ali chikhalire, aime pomwepo. Zikapanda kusiyanitsika, atsegule JPEXS ayambe ndi zizindikiro za mizinda ndi mapanga.